Mwana wanga akufuna dzina lake lenileni pa TikTok, komanso akukana kundipatsa pasiwedi

"Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 13 ndipo tamulola kutsegula TikTok. Tinene kuti dzina lake ndi Tadala, iye akufuna yuzanemu ikhale tadala_netball2012 kuti anzake amupeze msanga. Ine ndikuti ayi koma chifukwa chenicheni ndikulephera kumufotokozera. Ndamuuzanso kuti pasiwedi azindipatsa, ndiye kwavuta, akuti sindimukhulupirira. Tigwirizane bwanji?"

Mayi, pa dzinalo mtima wanu wakuuzani zoona, ndipo chifukwa chake ndikupatsani choti mukamufotokozere bwinobwino iye nkumva. Koma pa pasiwedi paja mwanayu naye ali ndi mfundo, nde ndikupemphani mumumvetsere kaye musanagamule.

Tiyambe ndi chinthu chimene makolo ambiri sadziwa. TikTok ikaona kuti mwini akaunti sanafike zaka 16 imaika yokha akauntiyo pa Private account, kutanthauza kuti mavidiyo ake amaonedwa ndi okhawo amene iye wawalola. Mameseji amseri aja, ma Direct messages, nawonso amakhala otseka mpaka zaka 16. Zimenezi nzabwino ndithu. Koma olo akaunti ikhale yotseka chonchi pali zinthu zimene zimakhalabe poyera kwa aliyense: yuzanemu, dzina lachiwiri lija amati Nickname, chithunzi cha pa pulofayilo ndi zomwe walemba pa Bio. Zili ngati nyumba yokiya koma pachitseko panja mwalembapo zonse za mwini wake, wodutsa salowa koma amawerenga. Ndipo musaganize kuti munthu achite kumufufuza kuti alione dzinalo, ayi, Tadala akangolemba komenti pa vidiyo ya munthu wotchuka, anthu masauzande amene akuwerenga makomenti pamenepo aliona dzina lake ndi kachithunzi kake pompo.

Nde tiliwerenge dzina akufunalo ngati ndife mlendo. tadala_netball2012. Dzina loyamba talipeza. Masewera amene amakonda tawadziwa, ndipo tikuganiza kale kuti ndi mtsikana ndiponso kuti masana ena amakhala ku bwalo. Kenako 2012, apa palibe amene angaganize kuti ndi nambala wamba, aliyense adziwa kuti ndi chaka chobadwa, ndiye kuti mwanayu ali ndi zaka 13 kapena 14. Zinthu zitatu zimenezi zatuluka tisanaone vidiyo ngakhale imodzi. Tsopano onjezani chithunzi cha pa pulofayilo atavala jezi ya timu ya kusukulu, baji ikuoneka. Basitu, munthu uja ali ndi dzina, msinkhu, sukulu ndi malo amene angamupeze akaweruka. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, vuto ndi pamene ziphatikizana. Wofufuza wina wa ku America, Latanya Sweeney, anaonetsa mu 2000 kuti pafupifupi anthu 87 pa 100 aliwonse a m'dziko limenelo ungawaloze mmodzimmodzi utangodziwa zinthu zitatu zokha, tsiku lobadwa lathunthu, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya positi ya dera lomwe amakhala. Dzina silinafunike nkomwe. Nanga dzinalo likakhalapo kale?

Pa zitatuzi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakacho. Anthu akuluakulu amene amasaka ana pa intaneti sayamba ndi kuopseza, amayamba ndi ubwenzi, ndipo chimene amafuna poyamba ndi podziwira kuti uyu ndi mwana komanso nkhani yoyambira macheza. Dzinali lawapatsa zonse ziwiri. Atsegula akaunti ndi chithunzi cha mtsikana wa msinkhu womwewo, alemba kuti "Tadala eti? Nanenso ndimasewera netibo, umasewera pati iwe?" ndipo mwana akaona munthu akumutchula dzina amaganiza kuti ndi wina wa kusukulu amene wamuiwala, kapena mnzake wa mnzake, nde amavomera. Kutchulidwa dzina kumafewetsa mtima, olo ife akuluakulu zimatichitikira. Mukamamufotokozera Tadala musamuopseze ndi nkhani zoopsa zambirimbiri, angomva ngati mukukokomeza. Mulembereni dzinalo papepala nkumufunsa kuti "iwe utakhala kuti sukundidziwa, ukudziwa chani za mwini dzina ili?" Muwerengere limodzi. Ana a msinkhu uwu amagwira msanga akazitulukira okha.

Apa pali kamsampha kena kamene ndikufuna musagweremo. Makolo ena akamva kuti chaka chobadwa chibisike amauza mwana kuti polembetsa akaunti aike chaka chabodza, achite ngati ali ndi zaka 20. Musatero chonde. Tsiku lobadwa limene TikTok imafunsa polembetsa silioneka kwa anthu, ndipo ndi limene limachititsa kuti chitetezo cha ana chija chiyake. Akanama kuti ndi wamkulu akaunti siikhalanso yotseka yokha, mameseji amseri amatha kutseguka, ndipo mavidiyo amene azimubweretsera ndi oyenera akuluakulu. Ku Instagram nchimodzimodzi, kuyambira mu Seputembala 2024 anayamba kuika ana pa zimene amati Teen Accounts ndipo amene sanafike zaka 16 sangamasule zotsekazo popanda chilolezo cha kholo, koma zonsezi zimadalira kuti mwana ananena zoona za msinkhu wake. Nde mubokosi la tsiku lobadwa alembe zoona, pa yuzanemu ndi pa Bio chakacho chisaoneke, ngakhale kuchidula kuti 12 kapena kulemba 13 wa zaka zake, zonsezo nzofanana.

Tsopano dandaulo lake loti anzake samupeza. Ili ndi dandaulo lenileni, musalipeputse, pa msinkhu umenewu kukhala kunja kwa gulu kumapweteka. Koma anzake safunika kumusaka ndi dzina. Pa pulofayilo pake pali potumizira linki ndi QR code, anzake enieni amakumana nawo tsiku ndi tsiku nde akhoza kungowaonetsa kapena kuwatumizira linkiyo mmodzimmodzi. Izi zili ndi ubwino wina: pempho likabwera kuchokera kwa munthu amene iye sanamupatse linki, amadziwiratu kuti ayenera kufunsa kaye kuti ameneyu ndani ndipo wandipeza bwanji. Pa Nickname paja akhoza kuikapo chilembo chimodzi, T basi, kapena kachizindikiro kamene anzake akudziwa. Ana ambiri amasankha yuzanemu yabwinobwino kenako pa Nickname nkulemba maina onse awiri, la iye ndi la bambo ake, ntchito yonse ija nkugwa. Muyang'ane pamenepo.

Kusankha kwenikweniko, ine ndimalangiza kuti dzina asankhe mwana, inu mukhale ndi mphamvu yokana basi, ndipo zifukwa zokanira muzinene musanayambe kuti asaone ngati mukungokana chilichonse. Zifukwa zake ndi izi: dzina lisakhale ndi dzina lake lenileni kapena la banja, lisaonetse msinkhu, lisaloze sukulu kapena dera, ndipo lisakhale lokopa anthu olakwika. Kupatula apo, kaya dzinalo likukumvekerani lachibwana kaya loseketsa, musiyeni. Mukamusankhira inu alisintha mukangotembenuka, ndipo dzina limene asankhe ali wokwiya silikhala labwino.

Njira imene imayenda bwino ndi iyi. Atenge pepala alembe mawu khumi kapena kuposa a zinthu zimene zimamusangalatsa koma zimene sizimuloza iyeyo, mtundu, nyama, nyengo, chinthu cha mumlengalenga, mawu amene amangokonda kamvekedwe kake. Kenako aphatikize awiri amene sayenderana kwenikweni. Tinene kuti walemba mtambo, kadzidzi, chikasu, mphepo, nyenyezi, pensulo. Atha kutulutsa kadzidzi.wachikasu kapena pensulo_yamphepo. TikTok imalola zilembo, manambala, kadontho ndi kamzere kapansi basi, mpata pakati saloleza. Za netibo zija zichoke, osati poti ndi zoipa koma poti zimanena kumene amapezeka masana, akafuna aziikamo m'mavidiyo amene akuonedwa ndi anzake okha. Dzina losereula limene amamutchula kusukulu kapena kunyumba nalonso ndimakaikira, chifukwa aliyense wa kusukuluko, ngakhale amene sagwirizana naye, alizindikira msanga, ndipo kuzunzana kwambiri kwa ana pa intaneti kumachokera kwa anthu odziwana kale.

Dzinalo likapezeka kuti wina analitenga kale, apu imamupatsa maganizo oti aonjezere manambala, ndipo apa mpamene chala chimathamangira ku chaka chobadwa kapena tsiku lobadwa, 0914 kaya 2012 yomwe ija. Bola aonjezere liwu lachitatu. Akafunitsitsa nambala ikhale yopanda tanthauzo pa moyo wake, isakhale nambala ya nyumba, ya jezi kapena mapeto a nambala ya foni. Pali manambala ena amene mwana angawaike mosadziwa koma pa intaneti ali ndi tanthauzo lawo, 69 amaitenga ngati ya zogonana, 420 ndi ya chamba, 88 amaigwiritsa ntchito magulu otsatira Hitler. Mawu achingerezi ngati baby, cutie, hot, single, lonely kapena sad girl nawonso achoke. Ana amawaika poona anzawo, koma kwa munthu wosaka ana mawu oti lonely akumuuza kuti uyu akusowa womumvetsera, ndi khomo limenelo.

Mukapeza awiri kapena atatu amene akuwakonda, ayeseni musanalembetse. Lembani dzinalo pa Google mkati mwa zizindikiro izi, "kadzidzi.wachikasu", muone chimene chituluke, mulisakenso mu TikTok momwemo ndi mu Instagram. Mukufuna kuona ngati pali wina amene ali ndi dzina lofanana nalo kwambiri amene amaika zinthu zonyansa, chifukwa anthu azimusokoneza ndi ameneyo. Kenako alitchule mokweza, ndipo alione litalembedwa mophatikiza popanda kadontho, pena mawu awiri abwinobwino akagundana amabereka liwu lotukwana pakati. Funso lomaliza mumufunse ndi loti, aphunzitsi ako kapena agogo ako atakufunsa dzina lako la pa TikTok ungalitchule osachita manyazi? Akazengereza ndiye kuti dzinalo lili ndi kanthu. Chifukwa chochitira zonsezi lero nchoti kusintha sikophweka mmene ana amaganizira. TikTok imalola kusintha yuzanemu kamodzi pa masiku 30, Snapchat kamodzi pachaka, Reddit salola nkomwe. Ndipo olo asinthe, masikirinishoti amene anthu anajambula ali ndi dzina lakale lija.

Iyi ndi yuzanemu yake yoyamba koma sadzathera pompa, mawa adzafuna gemu ngati Roblox, kenako Discord, kenako Instagram. Mugwirizane lero lomwe kuti dzina la kumagemu, kumene amasewera ndi anthu osawadziwa, lizikhala losiyana ndi la kumene kuli nkhope yake. Chifukwa chake nchosavuta, munthu amene wacheza naye mu gemu amangotenga dzinalo nkulilemba mu TikTok kapena Instagram, likafanana wamupeza, ndipo pali mawebusayiti amene ntchito yake ndi kusaka dzina limodzi m'malo mazanamazana nthawi imodzi. Imelo nayo isafanane ndi yuzanemu, ndipo pasiwedi isakhale ndi chidutswa cha yuzanemu, za kadzidzi123 zija ayi. Chinanso, polembetsa apu ipempha kuona manambala a mufoni. Akanize. Kenako mulowe pa Settings and privacy, mupite pa Privacy, muone kuti Suggest your account to others ndi yozimitsa komanso kuti Sync contacts sinayatsidwe. Zikakhala zoyatsa, aliyense amene ali ndi nambala ya Tadala mufoni mwake akhoza kumulandira ngati munthu woti amufolowe, dzina lobisika lija osathandizanso kanthu.

Tibwere ku mgwirizano, umene kwa ine ndi waukulu kuposa dzinalo. Mukamati "zachinsinsi" inu mukutanthauza zimene anthu akunja asadziwe. Tadala akamati "zachinsinsi" akutanthauza zimene inu mayi ake musawerenge. Nchifukwa chake mukukangana, aliyense akukamba zake. Mugwirizane zonse ziwiri, ndipo muyambe ndi zakunjazo chifukwa pamenepo simuvutana.

Zimene sizituluka kunja nzodziwika, dzina lonse, sukulu, kumene mumakhala, nambala ya foni, tsiku lobadwa. Koma ana sazilemba zimenezi ndi mawu, zimatuluka m'mavidiyo osadziwa. Yunifolomu. Kope lili patebulo dzina lili pachikuto. Geti la nyumba, nambala ya galimoto, chikwangwani cha msewu kuseri kwake akuvina. Nde lamulo labwino ndi loti asanaposite aonere vidiyoyo kamodzi osadziyang'ana yekha, ayang'ane zakumbuyo zokha. Lina ndi la nthawi: za kumene ali aziika atachokako, osati adakali pomwepo, ndipo zinthu zochitika mobwerezabwereza ngati "Lachiwiri lililonse tili ku pulakatisi" zisalembedwe. Pa pulofayilo, poti chithunzicho chimaoneka kwa aliyense, bola chojambula pamanja kapena kadzidzi yemweyo kusiyana ndi nkhope. Zinsinsi za anzake nazonso zilowe mumgwirizano, asaike chithunzi cha mnzake kapena sikirinishoti ya macheza awo osapempha. Ndipo pasiwedi sapatsa mnzake, olo wapamtima, olo chibwenzi chikadzabwera. Maakaunti a ana salandidwa ndi akatswiri a makompyuta okha, amathanso kulowedwa ndi mnzawo amene anapatsidwa pasiwedi ubwenzi uli pabwino kenako nkudana.

Tsopano pasiwedi ndi inuyo. Ndinene mosabisa maganizo anga: kukhala ndi pasiwedi kuti muzilowa nthawi iliyonse nkumawerenga zonse sikumuteteza mmene mukuganizira. Chimene chimachitika nchoti mwana amatsegula akaunti yachiwiri, zimatenga mphindi zochepa, ija mukuidziwa inu imakhala yaukhondo yongoonetsa, moyo weniweni uli kwinako, ndipo yachiwiriyo kawirikawiri amaika chaka chabodza nde ilibe chitetezo chilichonse. Mwataya zonse ziwiri, kuona ndi kukhulupirirana. Komanso mbali inayi, mwana wa zaka 13 si wa zaka 17, kumusiya yekhayekha osadziwa kalikonse nakonso sindingakuvomereni.

Pakati pake pali njira. Pasiwedi ailembe papepala, aike mu envelopu, amate, asayine pomatapo, musunge inu. Envelopuyo imatsegulidwa pa zifukwa zimene mwatchula nonse lero: akasowa osadziwika kumene ali, mukakhala ndi chifukwa chenicheni choganizira kuti wina akumuopseza kapena akufuna kudzivulaza, kapena iye mwini akaiwala pasiwedi. Ndipo kupatula pamene wasowa, mumatsegula iye ali pompo. Ubwino wa envelopu ndi woti amatha kuiona kuti ikadali yomata, kukhulupirirana kumakhala ndi umboni. Akasintha pasiwedi, envelopu yatsopano. Imelo kapena nambala yobwezeretsera akaunti ikhale yoti inu mutha kuifikira, chifukwa tsiku limene akaunti idzalandidwe ndi pamene mudzaifune.

Pa zatsiku ndi tsiku gwiritsani ntchito Family Pairing ya mu TikTok momwemo. Mufunika akaunti yanu, mumalumikiza mafoni awiriwo pojambula QR code, ndipo iye amaona kuti mwalumikizana, palibe zobisa. Mutha kuika malire a nthawi, kuona amene akumufolowa, amene iye akuwafolowa ndi amene wawabuloka, koma zimene akulemberana ndi anzake simuziona. Kwa ine malire ake ndi amenewo ndithu: kholo lidziwe kuti akucheza ndi ndani, mwana asunge zimene akukambirana. Pa mwezi kamodzi mukhale limodzi, foni ili m'manja mwake osati mwanu, mudutse mndandanda wa omufolowa ndipo pa dzina lililonse funso ndi limodzi, "uyu ndani, unakumana naye kuti?" Amene yankho lake ndi "sindikudziwa, anangonditumizira" achotsedwe. Mapulogalamu ozonda foni mwamseri aja ndikukuletsani, tsiku limene adzazindikire, ndipo amazindikira, sadzakuuzaninso kanthu.

Mgwirizano umene uli ndi malamulo a mwana yekha si mgwirizano, nde inunso muli ndi zanu zolonjeza. Loyamba ndi limene ndimaliona lofunika kuposa onse: akabwera kudzakuuzani kuti china chake chalakwika, simumulanda foni ndipo simuyamba ndi kukalipa. Ana ambiri amabisa zoopsa chifukwa choopa kulandidwa foni, amalolera kuvutika okha usiku wonse. Mumuuze ndi pakamwa panu, "Tadala mwanawe, olo utalakwitsa iweyo, olo utatumiza chinthu chimene sunayenera kutumiza, ubwere kwa ine, tikonza kaye vutolo, zinazo tidzakamba pambuyo." Ndipo tsikulo likafika musunge mawu anuwo olo mtima ukuwira. Anthu oopseza ana ndi zithunzi amadalira mantha amenewa, amati ndikauza makolo ako. Mwana amene akudziwa kuti mayi ake amulandira, chiopsezocho chimachepa mphamvu.

Lachiwiri likukhudza foni yanu. Taganizani, Tadala wasankha kadzidzi.wachikasu, wabisa zonse bwinobwino, kenako pa tsiku lake lobadwa inu mwaika pa Facebook poyera chithunzi chake ali mu yunifolomu, maina onse, "lero wakwanitsa zaka 14", ndipo azakhali ake abwera pa komenti nkufunsa dzina lake la pa TikTok inu nkuwayankha pompo. Zonse zija mwazilumikiza ndinu. Nde mulonjeze kuti chithunzi chake simuika osamufunsa, ndipo akakana ndiye kuti wakana. Zotsatira za mayeso, matenda ake, nkhani zimene amachita nazo manyazi, zimenezo nzake. Achibale amene adzamufolowe muwauzenso kuti pa makomenti asamamutchule dzina lenileni kapena kutchula sukulu. Mudzaona nkhope yake ikusintha mukanena zimenezi, chifukwa apa mpamene azindikire kuti malamulowa akumanga nonse. Abambo ake kapena wamkulu wina aliyense wa pakhomopo akhalepo pokambiranapo, kuti pasakhale wina wolowa mufoni mwamseri pamene inu munalonjeza kuti sizichitika.

Zonsezi zilembedwe, tsamba limodzi lokha, ndi mawu ake iye, mbali ina zake mbali ina zanu. Muikepo ndi tsiku lodzaunikanso, mwina pakatha miyezi 6, ndipo adziwe kuti zikamayenda bwino zina zizimasuka. Pa zaka 16 TikTok idzamulola kugwiritsa ntchito mameseji amseri, nde ndi bwino afike pamenepo atazolowera kale kudzisankhira bwino.

Mudziwa bwanji kuti dzina kapena chinsinsi chabooka? Chizindikiro choyamba ndi munthu wosamudziwa kumutchula dzina lenileni, kapena kutchula sukulu, pamene iye sanazilembe paliponse. Chachiwiri ndi munthu mmodzi yemweyo kuonekera m'malo awiri, anali mu gemu lero ali pa TikTok. Chachitatu ndi mapempho ambiri obwera nthawi imodzi kuchokera ku maakaunti opanda mavidiyo, kapena wina amene akumukakamiza kuti "tiye tikachezere kwina" pa apu ina, ndi kumuuza kuti asauze aliyense. Kwa iye mwini muona foni ikutembenuzidwa mukalowa, kudzuka usiku, kukhumudwa akangomaliza kuwerenga meseji. Chimodzi chokha sichitanthauza zoopsa, ana a msinkhu uwu amabisa ndi zazing'ono zomwe, koma ndi nthawi yofunsa modekha.

Zikachitika, dongosolo lake ndi ili. Asayankhe. Mujambule sikirinishoti yoonetsa yuzanemu ya munthuyo ndi zimene walemba musanamubuloke, chifukwa mukabuloka kaye zina zimasowa. Kenako Report, kenako Block. Mukatero mufufuze kuti zinatulukira pati, Nickname, Bio, komenti ya mnzake, vidiyo ina ya yunifolomu kapena positi yanu, nkutseka pamenepo. Kusintha yuzanemu kokha sikuthamangitsa munthu amene ali kale pa mndandanda wa omufolowa, amangoona dzina latsopanolo, nde ayambe wachotsedwa ndi kubulokedwa kenako dzina lisinthe. Ngati munthuyo akubwerera ndi maakaunti atsopano, akauntiyo itsekedwe atsegule ina ndi imelo ina. Ndipo pakakhala kuopseza, kupempha zithunzi zamaliseche kapena ndalama, musalipire kalikonse chifukwa akalandira amapemphanso, musafufute macheza, pitani nawo kupolisi. Ngati chithunzi chotere chinatumizidwa kale, bungwe la ku America loteteza ana lotchedwa NCMEC lili ndi chida chaulere chotchedwa Take It Down cha zithunzi zojambulidwa munthu asanafike zaka 18, chimapanga kachidindo ka chithunzicho pafoni pomwepo osachitumiza kulikonse, ndipo makampani amene ali nawo mu ndondomekoyi, kuphatikizapo TikTok, Instagram ndi Facebook, amagwiritsa ntchito kachidindoko kuchisaka ndi kuchichotsa.